Mpunga wa m'bakuli ndi mayeso a ukhondo

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa nsima ndi mpunga mumsika wa Limbe. Waphika zaka zambiri, ndipo makasitomala ake, amakaniki ndi makondakitala a minibasi, sanadandaulepo za mchere. Koma tsopano walembetsa maphunziro a ukhondo wa chakudya, ndipo kumapeto kwake kuli mayeso, oyamba chisiyireni sukulu. Usiku ana akagona, amayala kope pamphasa n'kumawerenga ndi tochi ya foni.

Mayiyu ndi wongopeka, koma zimene zili m'kope mwake ndi zenizeni. Maphunziro otere amatsamira pa mfundo zisanu zimene bungwe loona zaumoyo padziko lonse linafalitsa mu 2001: ukhondo wa m'manja ndi ziwiya, kulekanitsa zaziwisi ndi zophika, kuphika chakudya mpaka chipse, kuchisunga chotentha kwambiri kapena chozizira kwambiri, komanso madzi abwino. Zinayi mwa izi sizinamuvute. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anaphunzitsa kale msika wonse kutaya beseni losambiramo m'manja anthu khumi n'kuyamba kuthirirana madzi ndi jagi, sopo ali pambali.

Imene inamusowetsa tulo ndi yosunga chakudya ija.

Kope likuti chakudya chophika chisakhale pamtetete kupitirira maola awiri. Chizikhala chotentha kuposa madigiri 60 kapena chozizira osafika madigiri 5, chifukwa pakati pa manambala awiriwa ndi pamene tizilombo timaswana. Mayi uja anawerengera ndi zala. Mpunga amaphula cha m'ma 10 koloko m'mawa, n'kuupakulira m'bakuli lapulasitiki. Kasitomala wotsiriza amabwera cha m'ma 3 koloko, ndiye kuti papita maola asanu.

Mwana wake wamkazi wa fomu 3 ndi amene anamuchitira masamu. Kukafunda, tizilombo tina timagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Kamodzi kamasanduka 64 pa maola awiri, koma pa maola asanu kafika pa 32,768. "Amayi, ndiye tayerekezani kuti sikanayambe kamodzi," anatero mtsikanayo. Mayi ake anangoti kukamwa yasa.

Komatu mpunga uli ndi vuto lakelake. Pamakhala tizilombo tina tochokera m'nthaka timene timadzitsekera m'kachikamba kolimba, moti madzi owira satipha. Mpunga ukayamba kuzizira, timadzuka, kuswana, n'kusiya poizoni amene sathanso ngakhale mutautenthetsa kapena kuukazinga. Wodya amayamba kusanza pakangopita ola limodzi mpaka maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Choipa kwambiri n'chakuti mpungawo sununkha, suwawasa, ndipo umaoneka woyera bwinobwino. Mayi amene moyo wake wonse wakhala akudalira mphuno ndi lilime poyesa ngati ndiwo zasasa, mfundo imeneyi imamupweteka mtima, ndipo ndi pomwe ophika odziwa ntchito amaphonya funso. Akafunsidwa chochita ndi mpunga wotsala dzulo umene unagona kunja kwa firiji, dzanja limathamangira yankho loti autenthetse. Yankho lolondola ndi kuutaya.

Kutaya chakudya, kwa munthu wa mpamba wochepa, si nkhani yamasewera. Olemba mabuku a ukhondo nthawi zambiri amaganizira khitchini ya hotela yokhala ndi firiji ndi kachipangizo koyezera kutentha, pomwe m'shedi ya mayiyu muli mbaula ziwiri basi. Choncho anayenera kudzipezera yekha njira. Mpunga anayamba kuphika kawiri, theka m'mawa, theka lina masana. Poto sakuuchotsanso pamoto: umakhala pa makala ochepa, wovundikira, ndipo akatsegula uzituluka nthunzi yoti dzanja silingapirire. Ndiwo za nyama ndi nyemba amaziwiritsanso mpaka msuzi ubwadamuke, chifukwa kungozifunditsa ndi kuzibwezera kumene tizilombo timakonda. Makala akutha ambiri, inde, koma mpunga wotsala madzulo wachepa.

Kabichi wa saladi anamupezera thabwa lake ndi mpeni wake. Kale ankadulira pomwe wangodulira nkhuku yaiwisi, atangopukuta ndi kansalu, chonsecho kabichiyo sapita pamoto.

Tsiku la mayeso analawirira, atasiyira mng'ono wake bizinesi ndi malangizo oti poto asatsike pambaula. Funso la maola awiri linabweradi, ndipo sanachedwe nalo. Inu amene mumadya mumsika mungathe kuyesa ophika anu popanda pepala: akamapakula, yang'anani ngati mpunga ukufuka nthunzi. Ngati ndi wofunda chabe ndipo dzuwa lapendeka, itanitsani nsima yongophika kumene.