Kusankha tchanelo ya waifai m'nyumba zosanja zokhala mabanja ambiri

Rauta ya waifai ndi kawailesi kakang'ono kolankhulana ndi mafoni ndi malaputopu kudzera m'mafunde a mumlengalenga. Mafundewo sadziwa malire a nyumba. Amaboola khoma, siling'i ndi simenti ya pansi, choncho m'nyumba yosanja yokhala mabanja khumi kapena kuposerapo, rauta iliyonse imamveka kwa oyandikana nawo. N'chifukwa chake m'nyumba zotere intaneti imatha kuyenda bwino masana anthu ali kuntchito, koma madzulo n'kuyamba kudukaduka, chikhalirecho timizere ta pafoni tikuonetsa kuti netiweki ndi yodzaza. Timizereto timangonena mphamvu ya mafunde ochokera ku rauta ya m'nyumbamo, sitinena kalikonse za phokoso lochokera kuseri kwa khoma.

Chithinithini chachikulu chili pa mafunde a 2.4 GHz, omwe pafupifupi chipangizo chilichonse cha waifai chimawadziwa. Gawo limeneli analidula m'matchanelo. Tchanelo 1 ili pa 2412 MHz, ndipo iliyonse yotsatira imakwera ndi 5 MHz mpaka tchanelo 13 yomwe ili pa 2472 MHz. Zipangizo zogulitsidwa ku United States zimathera pa 11, pamene ku Ulaya ndi m'mayiko ena ambiri 12 ndi 13 zimaloledwa. Vuto lagona pa kukula kwa malo omwe rauta imatenga. Ngakhale matchanelo atalikirana ndi 5 MHz yokha, rauta polankhula imadya malo a 20 MHz, theka mmunsi ndi theka mmwamba mwa nambala yake. Yomwe ili pa tchanelo 1 imayambira pa 2402 kukafika pa 2422, ya pa 6 imayambira pa 2427 kukafika pa 2447, ya pa 11 imayambira pa 2452 kukafika pa 2472. Atatu amenewa sakhudzana, ndipo n'chifukwa chake akatswiri amangobwereza 1, 6 ndi 11. Matchanelo apakatiwo amalowa m'munda wa mnzake.

Munthu akaona kuti 1, 6 ndi 11 onse ali ndi eni ake, nzeru yoyamba kumufikira ndi yothawira pa 3 poti palibe aliyense. Kuganiza kotero n'komveka, koma kumasocheretsa. Tchanelo 3 imayambira pa 2412 kukafika pa 2432, kutanthauza kuti yadya 10 MHz ya tchanelo 1 ndi 5 MHz ya tchanelo 6. Wothawayo wadziika pakati pa magulu awiri.

Kuti izi zimveke, m'pofunika kudziwa mwambo womwe zipangizo za waifai zimatsatira. Chipangizo chisanatumize kanthu chimayamba chatchera khutu. Chikamva kuti china chikulankhula pa tchanelo yomweyo chimadikira, ndipo pakakhala zii chimawerenga kamphindi kongosankha mwachisawawa chisanayambe. Marauta awiri a pa tchanelo imodzi ali ngati anthu pabwalo la mfumu: aliyense amayembekeza mnzake amalize. Liwiro limatsika poti nthawi akugawana, koma zonena za aliyense zimafika zathunthu. Rauta ya pa tchanelo yoyandikana siimveka ngati mawu, imangomveka ngati chiphokoso. Malamulo a waifai amati chipangizo chidikire chikamva uthenga womwe chikuuzindikira ngakhale uli wofooka mpaka -82 dBm, koma phokoso losazindikirika chimalidikira pokhapokha litafika -62 dBm, mphamvu yoposa yoyamba ija ka 100. Pakati pa manambala awiriwa onse amalankhulira limodzi, mauthenga amaonongeka, amatumizidwanso, ndipo rauta imatsitsa liwiro lake poyesa kuti imveke. Kugawana tchanelo ndi mnansi kumapweteka pang'ono kusiyana ndi kumukhala m'mphepete.

Asanasinthe kanthu, mwini rauta ayenera kuona zomwe zili mumlengalenga. Pafoni ya Android pali timapulogalamu tambiri toonetsa manetiweki apafupi ndi matchanelo awo. Pakompyuta ya Windows lamulo ili limakwanira:

```
netsh wlan show networks mode=bssid
```

Limatchula netiweki iliyonse, tchanelo yake ndi mphamvu yake m'maperesenti. Timapulogalamu ta pafoni timalemba mphamvuyo mu dBm, manambala okhala ndi kamzere kutsogolo: -50 ndi yamphamvu, -80 ndi yofooka, ndipo kusiyana kwa 10 kulikonse ndi kuchulukitsa kakhumi. Kuyeza kuchitike madzulo anthu atabwerako, komanso m'chipinda momwe foni imagwiritsidwa ntchito kwambiri, poti pambali pa rauta penipeni zonse zimaoneka bwino.

Tiyerekeze banja lokhala pakati m'nyumba yosanja katatu, lomwe rauta yake ili pa tchanelo 6. Kuyeza kwaonetsa manetiweki atatu pa tchanelo 1, a mphamvu -74, -79 ndi -83. Pa 6 pali ina imodzi ya -48, ya khomo loyandikana. Pa 11 pali imodzi ya -66, ndipo wina pamwamba anaika yake pa 9, ikumveka pa -58. Powerenga mitu yokha, tchanelo 1 ikuoneka yodzaza kuposa onse. Koma atatu ajawo ali kutali, ndipo woposa onse mwa iwo ndi wofooka pafupifupi ka 400 poyerekeza ndi mnansi wa pa 6. Tchanelo 11 ikanakopa, koma rauta ya pa 9 imayambira pa 2442 kukafika pa 2462, choncho yadya theka la tchanelo 11 n'kunyambitanso m'mphepete mwa 6. Banjali lisankhe 1. Chomwe kuyezaku sikuonetsa ndi kutanganidwa kwa netiweki iliyonse: mnansi mmodzi woonera mafilimu usiku wonse amadya nthawi yambiri kuposa marauta atatu a m'nyumba zomwe eni ake anachokapo. N'chifukwa chake tchanelo yatsopano imafuna kuyesedwa madzulo angapo.

Kusinthako kumachitikira patsamba la rauta, lomwe kawirikawiri limatsegulidwa polemba `192.168.0.1` kapena `192.168.1.1` m'pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti. Adiresi yeniyeni imalembedwa pakapepala komatidwa kunsi kwa rauta. Pamalo olembedwa `Channel` nthawi zambiri pamakhala `Auto`. Marauta ena otchipa amasankha tchanelo pongoyatsidwa basi, ndiye magetsi akathima n'kuyakanso onse a m'nyumbamo amadzuka nthawi imodzi, aliyense n'kusankha anzake asanayambe kumveka. Pomwepo palinso `Channel Width`, ndipo pa 2.4 GHz iyenera kukhala `20 MHz`. Rauta yoikidwa pa `40 MHz` imameza pafupifupi theka la gawo lonse.

Ngati vuto lili pa waifai kapena kwa ogulitsa intaneti, lamulo la `ping 192.168.1.1` limathandiza kusiyanitsa, bola adiresiyo ikhale ya rautayo. Mayankho ochokera ku rauta ayenera kubwera m'mamilisekondi ochepa chabe. Akamalumphira m'mahandiredi kapena kusowa kumene, vuto lili mumlengalenga. Akamabwera msanga koma masamba n'kumachedwabe, kusintha tchanelo sikuthandiza. Kudukaduka kongobwera wina akamatenthetsa chakudya kumachokera ku maikulowevu, yomwe imagwira ntchito cha pa 2.45 GHz.

Marauta ambiri amakono ali ndi gawo lachiwiri la 5 GHz. Kumeneko matchanelo 36, 40, 44 ndi 48 atalikirana ndi 20 MHz yathunthu, ndipo mafunde ake amafooka msanga akakumana ndi khoma, zomwe m'nyumba yothinana zimasanduka phindu poti anansi samveka kwambiri. Koma rauta yoikidwa pa `80 MHz` imatenga anayi onsewo pakamodzi, choncho pamalo odzaza `40 MHz` imakhala yodalirika. Matchanelo oyambira 52 kukafika 144 amagawana malo ndi radala ya zanyengo ndi ya ndege. Rauta imayamba yamvetsera kwa mphindi yosachepera imodzi isanawagwiritse ntchito, ndipo ikamva radala imasamuka yokha, mafoni n'kuduka kwa kanthawi.