Mwaiona bwanji positayi? Chonsecho chithunzi sichinafike

Uthenga umalowa pa foni: "Achimwene, taonani positayi, mundiuze ngati ili bwino kuti mawa ndikasindikize." Mukayang'ana m'munsi mwa mawuwo, chithunzi palibe. Ena amangoyankha kuti "ili bwino kwambiri" poopa kukhumudwitsa mnzawo. Yankho lotere ndi limene limachititsa kuti posita yolakwika tsiku kapena nambala ya foni isindikizidwe n'kumatidwa m'mitengo ndi m'zipupa, mwiniwake ali ndi chikhulupiriro choti wina anaiunika.

Nanga chithunzicho chimatsalira pati? Pa WhatsApp, mawu ndi chithunzi zikatumizidwa padera, chilichonse chimayenda pachokha. Mawu ndi opepuka, amadutsa ngakhale netiweki ikuvuta kapena bandulo ili kumapeto. Chithunzi n'cholemera, ndiye chimatha kukakamira pa foni ya wotumiza. Iyeyo amachiona bwinobwino pa foni yake n'kumaganiza kuti chapita. Chofunika n'kuyang'ana kachizindikiro ka pakona ya chithunzicho, osati ka mawu. Kawotchi kakutanthauza kuti sichinachoke. Kachongi kamodzi ndiye kuti chachoka koma sichinafike pa foni ya mnzanu, pamene tiwiri ndiye kuti chafika. Pakati pa chithunzi pakaoneka kamuvi koloza m'mwamba, dinani kuti chiyambirenso ulendo.

Pa imelo, kawirikawiri vuto ndi kuiwala: munthu amalemba kalata yonse n'kutumiza asanaphatikizepo fayilo. Palinso malire a kukula kwa fayilo. Gmail imalola zophatikiza zosaposa 25 MB, ndipo fayilo ikakula kuposa apo imaikidwa pa Google Drive, mnzanu n'kulandira linki yokha. Ngati simunamupatse chilolezo, akadina amauzidwa kuti apemphe kaye kwa mwini fayilo.

Vuto lina ndi lobisika, chifukwa fayilo imafika ndithu koma chithunzi cha m'kati mwake chimatsala. Titenge chitsanzo cha mnyamata amene wakonza posita ya kwaya ya kumpingo kwawo pa Adobe InDesign. Pulogalamuyi ikamaika chithunzi cha oimba pa posita, nthawi zambiri imangosunga njira yopita kumene chithunzicho chili mu kompyuta. Mnyamatayo akatumiza fayilo ya `.indd` yokha, wolandira amachenjezedwa kuti chithunzi chikusowa, ndipo chimene amaona n'chithunzi chongoyerekezera, chosayenera kusindikiza. Mankhwala ake n'kugwiritsa ntchito lamulo la Package, limene limasonkhanitsa zonse mu foda imodzi. Koma ngati amene akufunsidwa maganizo ndi amayi a tcheya a kwaya, omwe ali ndi foni yokha, fayilo ya `.indd`, `.psd` kapena `.cdr` siwathandiza. Iwo atumizireni PDF kapena JPG.

Apa m'pofunikanso kusamala ndi katumizidwe. Posita ya A3 ndi mamilimita 297 m'lifupi ndi 420 m'litali, ndipo kuti isindikizike mooneka bwino pa 300 dpi imafuna mapikiseli 3508 ndi 4961. WhatsApp imachepetsa chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi, moti timalemba ting'onoting'ono ta pansi, pomwe pamakhala mtengo wolowera pakhomo ndi manambala a foni, timatha kufufutika. Mukaitumiza ngati Document, fayilo imafika momwe ilili.

Wofunsidwa maganizo asachite manyazi. Ayankhe msanga kuti: "Pepani, kuno kwafika mawu okha, tatumizaninso chithunzicho." Asanatero ayang'ane kaye foni yake, poti ambiri amatseka zoti zithunzi zizitsika zokha pofuna kusunga bandulo, ndipo chithunzi chimangooneka mbuu, chili ndi kamuvi koloza pansi, kudikira kudinidwa. Chomwe asavomere ndi kuweruza posita pongomva kufotokoza. Wina akati "mawu ndi ofiira, kumbuyo kwake n'kobiriwira", simungadziwe ngati mawuwo akuwerengeka, chifukwa zimatengera kuwala kwa mitundu iwiriyo ndi kukula kwa zilembo. Chimene mungathandize musanaone n'kufunsa ngati tsiku, nthawi, malo ndi nambala yoimbira zalembedwa.

Wotumiza naye, chithunzi chikafika, asangoti "mwaiona bwanji?" Anene kuti positayo ndi ya A3 kapena A4, ikamatidwa pa bolodi la m'tchalitchi kapena m'mbali mwa msewu, ndiponso chimene chikumukayikitsa. Funso loti "Kodi dzina la kwaya likuoneka munthu ali patali?" limabweretsa yankho logwira ntchito. Ndipo asanapite kosindikiza, apemphe mnzakeyo kuti amuwerengere tsiku ndi nambala ya foni zomwe akuona pa positapo. Akawerenga molondola, ndiye kuti chithunzi chafikadi ndipo chikuwerengeka.