"Lisakhale lotsika kwambiri": mawu amene amawonongetsa nsalu kwa telala

Mayi wina anapita ndi nsalu yoyera kwa telala wa pakhonde kuti amusokere bulauzi ya Mvano. Anangoti, "Abambo, khosi lisakhale lotsika kwambiri, manja akhale aataliko." Telala anavomera. Patatha sabata bulauzi inatuluka yokongola ndithu, koma mayi uja akati awerame, dzanja linkathamangira pachifuwa.

Telala sanalakwe. "Kwambiri" wa munthu amene amasoka madiresi a ukwati tsiku ndi tsiku si "kwambiri" wa kutchalitchi, kumzikiti kapena kuofesi. Mawu amene amagwira ntchito ndi otchula malo a pathupi, kenako nambala ya pa tepi.

Khosi lili ndi miyeso iwiri, ndipo ambiri timangokumbukira umodzi. Woyamba ndi kutsika kwake, kuchokera pamene phewa lakumana ndi khosi kupita pachifuwa. Kwa mayi wa thupi lapakatikati, mainchi 6 amabisa bwino, pamene 8 kapena 9 ayamba kuonetsa. Wachiwiri ndi kutambalala. Khosi likhoza kukhala lokwera kutsogolo koma lotambalala mpaka zingwe za chovala chamkati n'kumasuzumira pamapewa. Ndiye nenani kuti, "Likhale lozungulira, litsike mainchi 6, m'mbali lisatalikire khosi, ndipo kumbuyo lisatsike." Kumbuyoko musaiwale, pakuti atelala ena ukawamana kutsogolo amakabwezera kumsana.

Musangokhulupirira nambala, matupi amasiyana. Telala aike tepi, inu muloze ndi chala pomwe nsalu ithere, kenako muwerame ngati mukutola ndalama pansi. Muuzenso kuti nambalayo ndi ya chovala chomalizidwa, chifukwa kupinda m'mphepete kumadya pafupifupi theka la inchi, khosi n'kutsika kuposa mmene munagwirizanirana.

Manja savuta chotere. "Aafike pamwamba pa chigongono", "apitirire chigongono" ndi "afike povala wotchi" ndi manja atatu osiyana, ndipo telala aliyense amawamva. Mayi wachisilamu amene akufuna mkono wonse ubisike ayezedwe atapinda mkono pang'ono, apo ayi nsalu idzathawira m'mwamba akangotambasula dzanja. Apemphenso batani kapena lasitiki kumapeto, kuti azitha kukwinya potawadha. Manja aatali amadya nsalu, choncho funsani msanga ngati chitenje chimodzi cha mamita 2 chikwanire. Nsalu ya thonje muyambe mwaichapa, imafupika.

Mukakayika, nenani kuti khosi likwere ndipo manja atalike. Telala akhoza kudulako tsiku loyesa. Khosi limene lumo ladya kale silibwerera, mumangoikapo kansalu kotseka, ndipo pa nsalu yoyera ngati ya mayi uja msoko wake umaonekera patali.