Magazi mumkodzo: chifukwa chake achipatala sathera pa mankhwala a likodzo

Ambiri a ife tikaona magazi mumkodzo timangoti ndi likodzo. Nthawi zambiri n'zoona, koma kwa munthu wamkulu nkhani siyenera kuthera pamenepo, ngakhale magaziwo ataoneka kamodzi kokha popanda ululu.

Tiyerekeze kuti bambo wa zaka 55, yemwe kale anali msodzi komanso amasuta fodya, wabwera kuchipatala cha mumsasa. Choyamba amaviika kapepala koyezera mumkodzo wake, ndipo kamasintha mtundu ngati muli magazi. Kapepalaka kamasiyanitsa magazi ndi kufiira komwe kumabwera ndi mankhwala ena a chifuwa chachikulu, koma sikanena komwe magaziwo akuchokera. Amayi, ngati muli kumwezi nenani, kuti mudzayezedwe mukamaliza.

Kenaka mkodzo amauunika pa maikulosikopu, kufuna magazi, mafinya ndi mazira a likodzo. Mazirawa amatuluka ambiri kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, n'chifukwa chake amakuuzani nthawi yoperekera mkodzo. Ngati mkodzo ndi woderapo ngati tiyi, miyendo yatupa ndipo magazi akuthamanga kwambiri, amakayikira impso ndipo amayezanso magazi.

Bambo uja amupeza ndi mazira. Poti amalemera makilogalamu 60, ampatsa mapiritsi 4 a pulazikwantelo, lililonse la mamiligalamu 600. Apa ndi pomwe ambiri amatayikira: mkodzo ukangoyera sabwereranso. Chonsecho chotupa cha m'chikhodzodzo chimatulutsa magazi n'kusiya, n'kudzayambanso patapita miyezi. Likodzo lokhalitsa ndi fodya zonse zimachititsa khansa ya chikhodzodzo, choncho bamboyu ayenera kuyezetsanso mkodzo pakatha milungu ingapo, ndipo pa msinkhu wakewu ayenera kutumizidwa kukajambulidwa ngakhale mkodzowo utayera.

Popita ku sikani amamwa madzi ambiri osakodza, chifukwa chikhodzodzo chodzadza chimaoneka bwino. Sikani imaonetsa miyala, impso yotupa ndi zotupa zokulirapo. Komabe kachotupa kakang'ono, kapena kongoyala pakhoma la chikhodzodzo, imatha kukaphonya.

N'chifukwa chake pamatsala sisitosikope, yomwe imachitikira kuchipatala chachikulu. Dokotala amathira mankhwala ochititsa dzanzi m'njira ya mkodzo, n'kulowetsa kapaipi kowonda kokhala ndi kamera kuti aone m'kati ndi maso. Sikung'amba ayi, ndipo kuyang'anako kumatenga mphindi zochepa. Akaona malo okayikitsa amadulapo kachidutswa kokayeza, nthawi zina tsiku lina atakugonekani. Kumva kuwotcha pokodza tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pake n'kosadabwitsa. Koma thupi likatentha bwererani msanga.

Kalata yotumizira kuchipatala chachikulu imatha kuchedwa, choncho sungani zotsatira zonse m'buku lanu la kuchipatala. Koma mukamakodza mibulu ya magazi, kapena mkodzo ukakana kutuluka, musadikire tsiku lomwe anakupatsani: pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.