Kuimba Zothokoza pa Phwando la Womaliza Maphunziro

Pa phwando la womaliza maphunziro kunja kuno, nyimbo zothokoza zimakonda kuyamba, ndipo za chiyambi chatsopano zimabwera pambuyo. Wophunzira Chichewa angazisiyanitse pomvetsera mneni. Yothokoza imayang'ana m'mbuyo: “munandilera”, “mwandifikitsa pano”. Mphatikiram'mbuyo “mu-” kapena “mwa-” ndi waulemu, ngakhale wothokozedwayo akhale mayi mmodzi. Woimba akanena kuti “unandilera” pamaso pa makolo, akuluakulu amaona ngati mwano. Ya chiyambi chatsopano imayang'ana kutsogolo ndi “-dza-”: “ndidzagwira ntchito”, “ndidzabwera kumudzi”. Apa mawu asankhidwe mosamala, chifukwa achibale amene anasonkha fizi amamva “-dza-” ameneyu ngati lonjezo, osati nyimbo chabe.