Federer Adapata Magemu Ambiri, Chikho Adatenga Djokovic

Pa 14 Julayi 2019, Novak Djokovic adagonjetsa Roger Federer mu ndime yomaliza ya mpikisano wa Wimbledon ku London atalimbana pafupifupi maola asanu. Zotsatira zake zidali 7-6, 1-6, 7-6, 4-6, 13-12. Mukawonkhetsa magemu onse, Federer adapata 36 pomwe Djokovic adapata 32. Wogonja ndiye adali ndi magemu ambiri.

Kwa anthu obetcha pa tenisi, masamu amenewa ndi nkhani ya ndalama, chifukwa masewero amodzi omwewo amabetcheredwa m'njira zingapo. Njira ina ndi yolosera maseti. Apa kutchula wopambana kokha sikukwanira, wobetcha amanenanso kuti apambana ndi maseti angati. M'mipikisano yambiri wopambana ndi amene wayamba kutenga maseti awiri, choncho zimatha 2-0 kapena 2-1. Amuna akamasewera m'mipikisano inayi ikuluikulu, monga Wimbledon, amafunika maseti atatu. Tsiku limenelo adadya ndi amene adalemba kuti Djokovic apambana 3-2.

Njira inayo ndi ya handikapu ya magemu. Kampani yobetchetsa imachotsera magemu wosewera amene akuoneka wamphamvu, n'kuwonjezera kwa mnzakeyo. Tiyerekeze kuti munthu adabetchera Djokovic pa -2.5. Pamagemu ake 32 aja pamachoka 2.5, n'kutsala 29.5, osafika pa 36 a Federer. Ndalama yapita, ngakhale kuti amene adamubetcherayo wanyamula chikho. Theka lija amaliikapo dala kuti pasakhale kufanana mphamvu.

Nanga Djokovic adapambana bwanji? Maseti ake atatu onse adawatenga pa tayibuleki, kampikisano kachidule kamene kamaseweredwa seti ikafika 6-6, kapena 12-12 mu seti yomaliza monga momwe lamulo la Wimbledon lidalili chaka chimenecho. Tayibuleki imasiya kusiyana kwa gemu imodzi yokha. Seti zitatu zotere zidam'patsa magemu atatu oposa a mnzake, koma seti yachiwiri yokha ija idam'landa asanu.

Gwero la zonsezi ndi sevu, kumenya koyambitsa pointi. Osewera amasinthana kuseva gemu iliyonse, ndipo woseva ndiye amakhala ndi mwayi. Masamu ake ndi odabwitsa: amene amapata mapointi 60 pa 100 aliwonse akamaseva, amasunga magemu pafupifupi 74 pa 100. Akakwera pang'ono n'kufika mapointi 70, amasunga magemu pafupifupi 90. Akakumana awiri a sevu yaukali yotere, kulandana gemu kumasowa, seti n'kumathera 7-6 kapena 6-4.

Chitsanzo chosaiwalika ndi cha John Isner ndi Nicolas Mahut pa Wimbledon ya 2010. Adasewera maola 11 ndi mphindi 5 m'masiku atatu, seti yomaliza n'kutha 70-68. Isner adapambana, koma pamagemu onse 183 iye adali ndi 92, Mahut 91. Wosewera wodalira sevu amavuta kumulanda gemu, komabe nayenso savutitsa kwenikweni mnzake akamaseva. N'chifukwa chake kumubetchera pa -4.5 kumaika ndalama pachiswe, ngakhale atakhala wodziwika kuposa mnzakeyo. Pa maseti namonso: tayibuleki imatha kutembenuka ndi mapointi awiri okha, kotero 2-0 wooneka wosakayikitsa amasanduka 2-1 mosavuta.

Bwalo nalo lili ndi mawu. Pa udzu mpira umathamanga ndipo sudumpha kwambiri, zimene zimakomera woseva. Pa dothi, monga ku Roland Garros mumzinda wa Paris, mpira umachedwa, wolandira amapeza mpata wobweza, ndipo kusiyana kwa magemu kumakula. Mu 2008 Rafael Nadal adakwapula Federer kumeneko 6-1, 6-3, 6-0, magemu 18 kwa 4.

Palinso kanthu kena kamene ambiri sakaganizira: ndani akuyamba kuseva. Wosewera akalanda gemu imodzi yokha pakati pa seti, iye n'kusunga ake onse, seti imatha 6-3 ngati adayamba kuseva ndi iyeyo. Ngati adayamba ndi mnzake, imatha 6-4. Kasewero n'kamodzimodzi, koma pa handikapu ya -4.5 kupambana 6-3, 6-4 kumapereka kusiyana kwa magemu asanu, tikiti n'kudya, pomwe 6-4, 6-4 kumapereka anayi okha, tikiti n'kupsa. Woyamba kuseva amadziwika pochita mayere a kakobiri osewera atalowa kale m'bwalo, nthawi imene ambiri amakhala atabetcha kale.