Kuwerengera Zipangizo Zomangira Sepitiki Thanki ndi Sokawe

Sepitiki thanki imakhala ndi miyezo itatu yosiyana, ndipo chipangizo chilichonse chimawerengedwa pa muyezo wake. Muyezo wa m'kati ndi umene umanena kuchuluka kwa madzi amene thankiyo ingasunge, komanso ndi umene pulasitala amatsatira. Muyezo wa kunja, womwe ndi wa m'kati kuphatikiza kuchindikala kwa makoma, umalamula kukula kwa silabu ndi dzenje lokumba. Wachitatu ndi mzere wodutsa pakatikati pa khoma, ndipo njerwa zimawerengedwa pamenepo. Zipangizo zikapelewera ntchito ili m'kati, kawirikawiri gwero lake limakhala loti wowerengera anagwiritsa ntchito muyezo umodzi pa zonse.

Chitsanzo chabwino ndi thanki ya nyumba ya banja imene m'kati mwake ndi mamita 3.0 mulitali, mamita 1.2 mulifupi, ndi mamita 1.8 kuchokera pansi kufika pa silabu yovundikira. Madzi safika pamwamba penipeni, chifukwa pamasiyidwa mpata wa mamita 0.3 wa mpweya ndi mafuta oyandama, choncho kuya kwa madzi ndi mamita 1.5. Kuchulukitsa 3.0 ndi 1.2 ndi 1.5 kumapereka makiyubiki mita 5.4, omwe ndi malita 5,400. Khoma logawa thankiyo m'zipinda ziwiri limadya malita pafupifupi 200, ndiye madzi enieni ndi malita 5,200. Chipinda choyamba, momwe zolimba zimadikha, chimatenga magawo awiri mwa atatu a utali wonse.

Makoma akunja a thanki yotere amamangidwa ndi mizere iwiri ya njerwa yolukana, yochindikala mamita 0.23, chifukwa amakankhidwa ndi dothi kunja ndi madzi m'kati. Khoma lili mbali zonse ziwiri, choncho kuchindikalako kumawonjezedwa kawiri: kunja kwa thankiyo ndi mamita 3.46 mulitali ndi mamita 1.66 mulifupi.

Pa njerwa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Kuzungulira m'kati mwa thankiyo ndi mamita 8.4, pomwe kuzungulira kunja ndi mamita 10.24. Muyezo wa m'kati umaiwala njerwa za m'makona anayi, ndipo wa kunja umawerenga makonawo kawiri. Wolondola ndi wa pakati pa khoma, ndipo umapezeka mosavuta: pa kuzungulira kwa m'kati pamawonjezedwa kuchindikala kwa khoma kanayi. Apa ndi 8.4 kuphatikiza 0.92, zomwe ndi mamita 9.32. Kuchulukitsa ndi msinkhu wa mamita 1.8 kumapereka masikweya mita 16.8 a khoma.

Chotsala ndi kudziwa njerwa zolowa mu sikweya mita imodzi. Njerwa ya mamilimita 230 mulitali, 110 mulifupi ndi 75 msinkhu, ikapatsidwa matope a simenti a mamilimita 10 pansi ndi m'mbali, imatenga malo a 240 ndi 85. Njerwa zotere zimalowa pafupifupi 50 pa mzere umodzi, ndipo pa khoma la mizere iwiri zimalowa 100. Makoma akunja afuna njerwa 1,680. Amene akanawerengera pa muyezo wa m'kati akanagula 1,512, ndipo mmisiri akanaima mizere iwiri yapamwamba isanathe. Khoma logawa, la mzere umodzi, ndi mamita 1.2 kuchulukitsa ndi 1.8, kutanthauza masikweya mita 2.16 ndi njerwa 108. Zonse pamodzi ndi 1,788. Zina zimasweka potsitsa m'galimoto, zina podula, choncho pamawonjezedwa njerwa 10 pa 100 zilizonse, ndipo ogula amangoti 2,000.

Nambala ya 100 ija si ya njerwa iliyonse. Njerwa zowotcha za kumudzi zimasiyana kukula malinga ndi chikombole cha woumba, ndipo zina zimachepa kwambiri zikapsa. Njira yodalirika ndi kutenga njerwa khumi pa uvuni womwe zigulidwe, kuzindanda pansi mosiya mpata wa chala pakati pake, n'kuyeza ndi tepi. Kenako kuzisanjikiza n'kuyezanso msinkhu. Njerwa ya 215 mulitali ndi 65 msinkhu imalowa 60 pa mzere umodzi, ndipo thanki yomweyi ingafune njerwa zoposa 2,300. Poyezapo ndi bwino kuombanitsa njerwa ziwiri: yopsa bwino imalira ngati chitsulo, pomwe yosapsa imamveka mogontha ndipo imasiya fumbi m'manja. Yosapsayo siyenera kulowa m'khoma limene likhale m'chinyontho moyo wake wonse. Omanga ndi mabuloko a simenti a mamilimita 400 mulitali ndi 200 msinkhu amawerengera mabuloko 12.5 pa sikweya mita, koma ayenera kuyambiranso kuwerengera muyezo wa pakati ndi wa kunja chifukwa kuchindikala kwa khoma kwasintha, ndipo mabowo a mabulokowo amafunika kuthiridwa konkire.

Matope omangira amapezeka pochotsa malo a njerwa pa malo a khoma lonse. Makoma onse, logawa lomwe, ndi makiyubiki mita 4.1, ndipo njerwa zokhazokha zimatenga pafupifupi 3.4. Otsalawo ndi 0.7, ndipo poganizira ogwa pansi amakhala 0.8. Simenti ndi mchenga zikathiridwa madzi zimaphwa, chifukwa simenti imalowa m'mipata ya mchenga, choncho zouma zimafunika zochulukirapo ndi gawo limodzi mwa atatu: 0.8 kuchulukitsa ndi 1.33 ndi 1.06. Pa kasakanizidwe ka muyezo umodzi wa simenti ku miyezo inayi ya mchenga, simenti ndi gawo limodzi mwa asanu, makiyubiki mita 0.21. Thumba la makilogalamu 50 limakhala ndi malita pafupifupi 35, osadzaza ndowa ziwiri za malita 20, ndiye pafunika matumba 6 ndi mchenga wa makiyubiki mita 0.85. Njerwa zikakhala zokhotakhota mmisiri amakulitsa mipata kuti khoma liwongoke, ndipo simenti ya gawo limeneli imakwera msanga.

Konkire amatsatira muyezo wa kunja. Silabu ya pansi imapitirira makoma ndi mamita 0.15 mbali iliyonse kuti khoma likhale pa maziko otakata, choncho ndi 3.76 kuchulukitsa ndi 1.96, kuchindikala 0.15, zomwe ndi makiyubiki mita 1.1. Silabu yovundikira imagona pamwamba pa makoma, ndiye ndi 3.46 kuchulukitsa ndi 1.66, kuchindikala 0.12, zomwe ndi 0.7. Mabowo awiri opopera sachotsedwa pa chiwerengerochi, poti zivundikiro zake zimaumbidwa ndi konkire yemweyo. Pamodzi ndi makiyubiki mita 1.8. Konkire amaphwa kuposa matope, ndipo zouma zimachulukitsidwa ndi 1.54 kupereka 2.77. Pa muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale, simenti ndi makiyubiki mita 0.4, kapena matumba 12, mchenga 0.8, ndipo kwale 1.6.

Zitsulo za silabu yovundikira zimawerengedwa ndi kadulidwe kake m'maganizo. Zitsulo za Y10 zikaikidwa motalikirana mamita 0.2 mbali zonse, pamafunika 18 zazifupi za mamita 1.6 ndi 9 zazitali za mamita 3.4. Pamodzi ndi mamita 59.4, ndipo poti chitsulo chimodzi chimakhala cha mamita 12, munthu angaganize kuti zisanu zikwana. Sizikwana, chifukwa chilichonse chimasiya kachidutswa kosagwira ntchito. Pafunika zisanu ndi chimodzi, ndipo zotsalazo zimalimbitsa m'mphepete mwa mabowo. Silabu imeneyi ndi yoyendapo anthu basi. Pamalo podutsa galimoto, kuchindikala ndi zitsulo ziyenera kuwerengedwa ndi injiniya.

Pulasitala amabwerera ku muyezo wa m'kati. Makoma anayi ndi masikweya mita 15.1, khoma logawa mbali zonse ziwiri ndi 4.3, ndipo pansi ndi 3.6, zonse pamodzi 23. Pa kuchindikala kwa mamilimita 15 ndi kasakanizidwe ka simenti imodzi ku mchenga itatu, pafunika matumba 4 ndi mchenga wa makiyubiki mita 0.35. Apa si posungira ndalama, chifukwa pulasitala ndi amene amatsekera madzi oipa kuti asalowe m'nthaka yozungulira nyumba. Ntchito ikauma, thankiyo imadzazidwa madzi mpaka pa paipi yotulutsira, n'kusiyidwa tsiku limodzi kuti makoma amwe, kenako pamalembedwa chizindikiro pamene madzi afika. Akatsika moonekera pofika mawa lake, thankiyo ikudontha, ndipo malo oyamba kuyang'ana ndi pamene khoma lakumana ndi silabu ya pansi ndi pozungulira mapaipi.

Thanki yonseyi yafuna njerwa 2,000, simenti matumba 22, mchenga makiyubiki mita 2, kwale 1.6 ndi zitsulo 6, osawerengera mapaipi, waya womangira zitsulo ndi matabwa ogwira konkire. Dzenje lake limakumbidwa mopitirira silabu ya pansi ndi mamita 0.3 mbali iliyonse kuti mmisiri apeze poima, ndipo pa kuya kwa mamita 2.1 dothi lotuluka limaposa makiyubiki mita 23.

Sokawe, dzenje limene limalandira madzi ochokera m'thanki n'kuwamwetsa m'nthaka, imawerengedwa ndi nzeru yomweyi, kungoti ndi yozungulira ndipo ntchito yake ndi kutaya madzi. Ilibe pulasitala, ndipo pansi pake sathirapo silabu. Ikakhala ya mamita 1.5 kupingasa m'kati, yakuya mamita 2.5, ya khoma la 0.23, mzere wa pakati umapezeka powonjezera kuchindikala kamodzi kokha pa kupingasako, n'kuchulukitsa ndi 3.14. Apa 1.73 kuchulukitsa ndi 3.14 ndi mamita 5.43. Theka la mita lapamwamba limamangidwa lotsekeka kuti madzi a mvula ndi dothi zisalowe, ndipo limafuna njerwa 272. Mamita awiri apansi amamangidwa mosiya mipata pakati pa njerwa. Khoma lotsekeka likanafuna njerwa 1,086, koma mipata ikatenga gawo limodzi mwa anayi zimatsika kufika pa 815. Ndi zosweka zomwe, sokawe yonse ifuna njerwa pafupifupi 1,200. Chivundikiro chake ndi cha mamita 1.96 kupingasa, ndipo pa kuchindikala kwa 0.1 ndi konkire wa makiyubiki mita 0.3, matumba awiri a simenti.

Ena samanga khoma la mipata, amangodzaza dzenjelo ndi miyala ikuluikulu. Pamenepo theka la kupingasa limachulukitsidwa lokha, kenako ndi 3.14 ndi kuya kodzazidwa: 0.75 ndi 0.75 ndi 3.14 ndi mamita 2 kumapereka miyala ya makiyubiki mita 3.5. Miyalayo imagwira dothi kuti lisagumuke, koma imadya malo ambiri a madzi, choncho dzenje lotere limadzaza msanga kuposa lomangidwa la kukula komweko. Kuya kwa sokawe kumalamulidwanso ndi malo: pansi pake payenera kutalikirana ndi madzi a m'nthaka ndi mamita osachepera 1.5 m'nyengo ya dzinja, ndipo dzenjelo likhale mamita 30 kapena kuposa kuchokera pa chitsime kapena mjigo. M'dothi la makande la kudambo madzi salowa msanga, ndipo kumeneko ngalande zazitali zosaya, zoyalidwa kwale ndi paipi yobooledwa, zimagwira ntchito kuposa dzenje lakuya.